Kodi chatiboti chathu chidzadya ndalama zingati pa mwezi?

Funso: Tikufuna kuika chatiboti choti chiziyankha makasitomala athu. Timalandira mauthenga pafupifupi 1,800 pa tsiku, ndipo kasitomala mmodzi amalemba maulendo ngati asanu ndi limodzi nkhani isanathe. Malangizo amene talembera chatibotichi ndi a Chingerezi, mawu pafupifupi 1,100. Modelo ya AI imene tasankha kuti izilemba mayankho a chatibotichi ndi ya madola 3 pa matokeni miliyoni olowa ndi madola 15 pa matokeni miliyoni otuluka. Ine ndawerengera ndapeza madola osakwana 10 pa mwezi, koma mnzanga akuti ndikulota. Walondola ndani?

Yankho: Mnzanu walondola. Ndi manambala mwaperekawa, yembekezerani bilu ya madola pafupifupi 500 pa mwezi. Ikhoza kutsika kufika cha m'ma 300 mukakonza bwino chinthu chimodzi, ndipo ikhoza kudutsa 800 mukalekerera zinthu ziwiri kapena zitatu.

Ndikuganiza kuti ndaona m'mene mwafikira pa nambala yanu. Mauthenga 1,800 pa masiku 30 ndi 54,000. Uthenga wa kasitomala umakhala waufupi, tinene matokeni 40. Mukachulukitsa mupeza matokeni 2.16 miliyoni, ndipo pa madola 3 zikukwana madola 6.48. Masamuwo ndi olondola, vuto ndi lakuti mwawerenga zimene kasitomala walemba zokha. Pa zonse zimene mudzalipire, gawo limeneli ndi laling'ono kwambiri kuposa ena onse.

Tiyambe ndi tokeni, popeza ndi muyeso umene mukugulira. Modelo siwerenga mawu athunthu. Imadula zolembedwa m'tizidutswa, ndipo kachidutswa kalikonse ndiye tokeni. Mawu ofala a Chingerezi amakhala tokeni imodzi, mawu aatali kapena osowa amaduka pawiri kapena patatu, ndipo zizindikiro monga mpumiro nazo zimawerengedwa. Pa Chingerezi anthu amayerekeza kuti tokeni imodzi ndi zilembo zinayi, kapena kuti mawu 75 amapanga matokeni 100. Choncho malangizo anu a mawu 1,100 ndi matokeni pafupifupi 1,500. Nambala imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene ikudya ndalama zambiri.

Chimene ambiri sachidziwa poyamba ndi chakuti modelo sikumbukira. Mukaitumizira uthenga kudzera pa API, imene ndi njira yolumikizira pulogalamu yanu ndi modelo, imawerenga, imayankha, basi nkhani yathera pomwepo. Uthenga wachiwiri ukafika, modeloyo sidziwa kuti inalankhulapo ndi munthu ameneyu, ndipo sidziwanso kuti ikugwirira ntchito kampani yanu. Kuti macheza aoneke ngati akupitirira, pulogalamu yanu imatumizanso zonse nthawi iliyonse: malangizo onse, uthenga woyamba wa kasitomala, yankho loyamba, uthenga wachiwiri, yankho lachiwiri, mpaka kufika pa uthenga watsopano. Zili ngati kalaliki amene amaiwala zonse kasitomala akangotseka pakamwa, ndiye musanamufunse funso lililonse muyenera kumuwerengeranso malamulo a ntchito ndi zonse zimene zakambidwa, iye n'kumakulipiritsani pa liwu lililonse limene wamva. Makampani ena ali ndi njira yosungira macheza kumbali yawo kuti inu musamatumize nokha, koma kawirikawiri matokeni akalewo amalowabe mu bilu, chifukwa modelo imawawerengabe.

Tiyeni titsate kasitomala mmodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndiika yankho la chatiboti pa matokeni 200, amene ndi ndime imodzi yabwino kapena ziwiri zazifupi. Nambala imeneyi ndangoyerekeza, yanu mudzaiyeza. Pa uthenga woyamba, modelo ikulandira malangizo a matokeni 1,500 ndi uthenga wa 40, pamodzi 1,540. Ikuyankha ndi 200. Pa uthenga wachiwiri ikulandira 1,540 omwe aja, kuphatikiza yankho lake la 200 limene tsopano lasanduka zolowa, kuphatikiza uthenga watsopano wa 40. Zakwana 1,780. Kuyambira pamenepo ulendo uliwonse ukuwonjezera 240: wachitatu 2,020, wachinayi 2,260, wachisanu 2,500, wachisanu ndi chimodzi 2,740. Mukaphatikiza maulendo onse asanu ndi limodzi, matokeni olowa ndi 12,840, otuluka 1,200. Kasitomalayo walemba matokeni 240 okha m'macheza onsewo.

Macheza amodzi otere akudya masenti pafupifupi 5 ndi theka: 3.9 pa zolowa ndi 1.8 pa zotuluka. Pa mwezi muli ndi macheza 9,000, chifukwa mauthenga 54,000 tawagawa m'magulu a asanu ndi limodzi. Zolowa zonse ndi matokeni 115.56 miliyoni, zotuluka 10.8 miliyoni. Bilu ndi madola 508.68, ndipo yagawika chonchi:

| Gawo | Matokeni pa mwezi | Madola |
|---|---|---|
| Malangizo, otumizidwa maulendo 54,000 | 81 miliyoni | 243.00 |
| Mayankho a chatiboti | 10.8 miliyoni | 162.00 |
| Mbiri ya macheza yotumizidwanso | 32.4 miliyoni | 97.20 |
| Mauthenga atsopano a makasitomala | 2.16 miliyoni | 6.48 |

Mzere womalizawo ndiye nambala yanu ija. Ndimakonda kugawa bilu m'magawo anayi amenewa m'malo mongoti zolowa ndi zotuluka, chifukwa gawo lililonse limakula pa chifukwa chakechake ndipo limachepetsedwa ndi njira yakeyake. Ngati mukufuna kusinthasintha manambala nokha, masamu onse ndi awa:

```python
def bilu(macheza, n, malangizo, uthenga, yankho, p_in, p_out):
    olowa = n * (malangizo + uthenga) + (uthenga + yankho) * n * (n - 1) / 2
    otuluka = n * yankho
    return macheza * (olowa * p_in + otuluka * p_out) / 1_000_000

print(bilu(9000, 6, 1500, 40, 200, 3, 15))   # 508.68
```

Pamene pali `n` ndi chiwerengero cha mauthenga a kasitomala m'macheza amodzi. Kachidutswa ka `n * (n - 1) / 2` ndi kamene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi kamene kamasokoneza bajeti za anthu amene awerengera zina zonse molondola.

Malangizo, mayankho ndi mauthenga atsopano zimakula molingana ndi kuchuluka kwa mauthenga. Mauthenga akawirikiza kawiri, magawo atatu amenewa amawirikizanso kawiri, palibe chodabwitsa. Mbiri ya macheza sichita choncho. Imadalira kutalika kwa macheza, ndipo macheza akatalika kawiri, mbiri yake imakula kupitirira kanayi. M'macheza a mauthenga 6, zokambidwa kale zimatumizidwanso maulendo 15 mukaphatikiza. M'macheza a mauthenga 12 ndi maulendo 66. M'macheza a mauthenga 20 ndi maulendo 190. Tanthauzo lake ndi lakuti makampani awiri olandira mauthenga ofanana ndendende, 54,000 pa mwezi, akhoza kulandira mabilu osiyana kwambiri. Ngati makasitomala anu akanamafunsa kawiri n'kuchoka, mbiri ikanadya madola 19 okha ndipo bilu yonse ikanakhala 431. Ngati akanamacheza maulendo 20, mbiri ikanadya madola 369 ndipo bilu ikanafika 781.

Apa pali msampha wina wobisika. Mwanena kuti kasitomala amalemba maulendo ngati asanu ndi limodzi, ndipo ndikukhulupirira kuti nambalayi mwaipeza pogawa mauthenga onse ndi makasitomala onse. Koma makasitomala salemba mofanana. Ambiri amafunsa funso, kuthokoza, n'kupita, pamene ochepa amene ali ndi vuto lenileni amakokana ndi chatiboti kwa nthawi yaitali. Tiyerekeze kuti mwa macheza 9,000 aja, 6,000 ndi a mauthenga atatu ndipo 3,000 ndi a mauthenga khumi ndi awiri. Mauthenga onse akadali 54,000, ndipo mukagawa mupezabe 6. Koma mbiri tsopano ndi matokeni 51.84 miliyoni, madola 155.52 m'malo mwa 97.20. Madola 58 awonjezereka popanda uthenga ngakhale umodzi wowonjezera. Nambala yapakati nthawi zonse imachepetsa gawo limeneli, siikuza. N'chifukwa chake ndi bwino kutenga mauthenga anu akale a mwezi umodzi, kuwagawa m'magulu atatu, macheza aafupi, apakati ndi aatali, n'kuwerengera gulu lililonse palokha.

Funso lina limene simunalitchule ndi lakuti macheza amatha liti. Pa tsamba la intaneti, munthu akatseka zenera nkhani yatha. Pa mapulogalamu otumizirana mauthenga monga WhatsApp, macheza alibe mapeto: kasitomala amene analemba mwezi watha akalembanso lero, uthengawo ukugwera pansi pa akale aja. Ngati wokulemberani pulogalamu sanaike malire, chatiboti chizitumiza mbiri yonse ya munthuyo kuyambira tsiku loyamba. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: mauthenga a tsiku ndi tsiku sakusintha, koma bilu ikukwera sabata ndi sabata. Mankhwala ake ndi kusankha lamulo. Mukhoza kunena kuti pakadutsa maola angapo munthu ali chete, macheza ayambe atsopano, kapena kuti muzitumiza mauthenga asanu ndi atatu omaliza okha. Kudula kuli ndi mtengo wake, chifukwa kasitomala amene anapereka nambala ya oda kumayambiriro adzakwiya akafunsidwanso. Njira yabwino ndi kusunga zinthu zofunika ngati zimenezo padera, m'mizere iwiri kapena itatu, n'kumaitumiza pamodzi ndi mauthenga omalizawo.

Tsopano malangizo, gawo lalikulu kuposa onse. Pa kuchuluka kwa mauthenga anu, matokeni 100 aliwonse a m'malangizo akudya madola 16.20 pa mwezi. Ndime imodzi imene wina waiwonjezera masana ena chifukwa chatiboti chinayankha molakwika kamodzi, idzalipiridwa maulendo 54,000 mwezi uliwonse. Ndipo malangizo sachepa okha, amangokula: lero mndandanda wa mitengo, mawa malamulo obwezera katundu, mkuja zitsanzo zisanu za mayankho abwino. Powerengera bajeti, musatenge kutalika kwa malangizo a lero ngati kuti adzakhala choncho mpaka chaka chamawa.

Komabe sindingakulangizeni kuti muyambe ndi kudula malangizo, chifukwa pali njira yotsitsa gawoli popanda kuchotsa liwu. Makampani akuluakulu ogulitsa mamodelo ali ndi chimene pa masamba awo a mitengo amachilemba kuti `prompt caching`. Ngati chiyambi cha zimene mukutumiza chikufanana ndendende ndi zimene munatumiza mphindi zochepa zapitazo, makina awo sayambiranso ntchito yochiwerenga, ndipo amakulipiritsani pang'ono. Ku Anthropic, matokeni owerengedwa kuchokera mosungira amalipiridwa gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wa zolowa, kuwasunga koyamba kumadula ndi kota kuposa mtengo wamba, ndipo zosungidwazo zimakhala mphindi zisanu kuchokera pamene zinagwiritsidwa ntchito komaliza. Ku OpenAI kusungako kumachitika kokha pa zolowa zoyambira matokeni 1,024, ndipo kuchotsera kwake kumadalira modelo. Malire a kuchepa kwa zosungika amasiyana pa modelo ndi modelo, choncho onani ngati matokeni anu 1,500 akukwanira pa imene mwasankha.

Ngati kuchotsera kwanu kuli kwa gawo limodzi mwa khumi, madola 243 aja asanduka pafupifupi 25, ndipo bilu yonse yatsika kufika cha m'ma 290. Inu muli pabwino chifukwa mauthenga 1,800 akamwazikana pa maola khumi ndi awiri, pa mphindi iliyonse pakubwera awiri kapena atatu, ndiye zosungidwazo sizizizira masana onse. Kampani yolandira mauthenga makumi awiri pa tsiku siingapindule chimodzimodzi, popeza uthenga wotsatira umafika zosungidwa zitafufutika kale, ndipo kumene kusunga kumalipiritsidwa ikhoza kumalipira zambiri kuposa ikanapanda kusunga.

Chimene chimaononga phindu limeneli kawirikawiri ndi kanthu kakang'ono. Wolemba pulogalamu amaika tsiku ndi nthawi, kapena dzina la kasitomala, pa mzere woyamba wa malangizo. Popeza kufanana kumayezedwa kuyambira pa tokeni yoyamba, mzere umodzi wosinthasinthawo ukupangitsa kuti zonse za m'munsi mwake zioneke zatsopano, ndipo mukulipira mtengo wonse osadziwa. Zosasintha ziyenera kukhala pamwamba, zosinthasintha pansi. Mutha kudziwa ngati zikugwira ntchito poyang'ana m'yankho la API: Anthropic imalemba `cache_read_input_tokens`, OpenAI imalemba `cached_tokens`. Ngati nambalayo ndi 0 pa uthenga uliwonse masana kukuchuluka anthu, pena pake palakwika.

Mayankho ndi matokeni ochepa, osakwana gawo limodzi mwa khumi a zonse, koma akudya pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a bilu, chifukwa pa modelo yanu tokeni yotuluka ikudula kasanu kuposa yolowa. Kusiyanaku kuli ndi chifukwa: zolowa makina amaziwerenga zambiri nthawi imodzi, pamene zotuluka amazipanga imodziimodzi, iliyonse kudikira inzake. Yankho lalitali mumalilipira kawiri, poyamba pa mtengo wa zotuluka, kenako pa mtengo wa zolowa ulendo uliwonse likabwerera ngati mbiri. Mamodelo akasiyidwa okha amakonda kulankhula: moni wautali, kubwereza funso, mfundo zisanu pamene imodzi ikanakwana, n'kumaliza ndi kufunsa ngati pali china. Chiganizo chimodzi m'malangizo chonena kuti mayankho akhale a ziganizo ziwiri kapena zitatu chikhoza kutsitsa yankho kuchoka pa 200 kufika pa 120. Pamenepo mwapulumutsa madola 65 pa zotuluka ndi ena 32 pa mbiri, ndipo makasitomala ambiri owerengera pa foni sangadandaule. Ikaninso malire a `max_tokens` ngati chitetezo, koma dziwani kuti malire amenewa safupikitsa yankho mwaulemu, amangolidula pakati pa chiganizo.

Pa zotuluka pomwepa, onetsetsani ngati modelo yanu ndi ya mtundu umene umayamba waganiza usanayankhe. Maganizowo ndi matokeni, amalipiridwa pa mtengo wa zotuluka, ndipo kasitomala sawaona. Ngati modelo ingaganize matokeni 500 pa uthenga uliwonse, ndiye matokeni 27 miliyoni pa mwezi, madola 405 owonjezera, pafupifupi bilu yachiwiri. Pa mafunso onga akuti mumatseka nthawi yanji kapena katundu wanga ali pati, kuganiza koteroko sikufunika, ndipo ndingakuzimitse kapena kukuika pa mlingo wotsikitsitsa.

Masamu onsewa ndawachita ngati kuti makasitomala anu amalemba Chingerezi. Ngati amalemba Chichewa kapena chilankhulo china chimene sichinali chochuluka m'zolembedwa zimene anapangira chodulira matokeni, lamulo la zilembo zinayi lija silikugwiranso ntchito. Mawu amaduka m'tizidutswa tambiri, ndipo uthenga womwewo umadya matokeni ochuluka. Kuchuluka kwake kumasiyana pa modelo ndi modelo, ndiye apa musayerekeze, yezani. Tengani mauthenga enieni zana limodzi, muwadutsitse m'chowerengera matokeni cha kampani imene mwasankha; OpenAI ili ndi `tiktoken`, ndipo Anthropic ndi Google ali ndi njira zowerengera matokeni pa API zawo. Kuti muone kukula kwa nkhaniyi: ngati muyeso utasonyeza kuwirikiza kawiri pa mauthenga ndi mayankho, malangizo n'kukhalabe a Chingerezi, bilu ichoka pa 509 kufika pa 774. Pa chifukwa chomwechi, poyerekeza mamodelo awiri musangoyang'ana mtengo wa matokeni miliyoni. Tokeni ya kampani ina si yofanana ndi ya inzake, ndipo modelo yooneka yotchipa pa tebulo la mitengo ikhoza kudula zolemba zanu m'tizidutswa tochuluka.

Pali zinthu ziwiri zimene sizinali m'funso lanu koma zimabwera chatiboti chikangoyamba kugwira ntchito yeniyeni. Choyamba ndi zikalata. Posachedwa mudzafuna kuti chiziyankha kuchokera m'mabuku a kampani, ndipo njira yake ndi yakuti pulogalamu imafufuza ndime zogwirizana ndi funso n'kuzimata pa uthenga. Ndime zitatu za matokeni 400 iliyonse ndi 1,200 pa uthenga, madola 194 pa mwezi, ndipo popeza ndimezo zimasintha funso likasintha, sizisungika ngati malangizo. Ziyenera kuchotsedwa yankho likaperekedwa. Zikasiyidwa m'mbiri, chimene chinali kukula ndi 240 pa ulendo chiyamba kukula ndi 1,440.

Chachiwiri ndi pamene chatiboti chikufunika kukayang'ana kanthu m'makina anu, monga pamene oda yafika. Pamenepo uthenga umodzi wa kasitomala umaitana modelo kawiri: koyamba modelo imanena chimene ikufuna kuti chifufuzidwe, pulogalamu yanu imafufuza, kenako zonse zimatumizidwanso pamodzi ndi zotsatira kuti ilembe yankho. M'chitsanzo chathu ulendo umodzi umanyamula matokeni 2,140 mukatenga pakati. Ngati uthenga umodzi mwa atatu ukufuna kufufuza kotere, ndi maulendo 18,000 owonjezera, madola oposa 115. Mafotokozedwe a zida, ndiye kuti njira zofufuzira zotere zimene modelo ingaitane, nawonso amawerengedwa ngati zolowa pa uthenga uliwonse, ngakhale pamene sizinagwiritsidwe ntchito. Choncho nambala yofunika si mauthenga a makasitomala okha, koma maulendo amene modelo yaitanidwa.

Mwina mukudabwa kuti bwanji sindinayambe ndi mtengo wa modelo, pamene ndi umene umasintha bilu kwambiri. Ndi zoona, umasintha kwambiri. Matokeni omwewa, pa modelo yaing'ono ya masenti 15 pa matokeni miliyoni olowa ndi masenti 60 pa matokeni miliyoni otuluka, akanadya madola 24 okha pa mwezi. Ndausiya kumapeto chifukwa mtengo ndi nambala yosavuta kusintha m'masamu, ndipo makampani amausinthasintha, pamene kuchuluka kwa matokeni ndi kumene kumafuna kumvetsa. Mukadziwa kuti mumadya 116 miliyoni olowa ndi 11 miliyoni otuluka, modelo iliyonse mukhoza kuiwerengera pa mphindi imodzi. Kusankha pakati pa yaikulu ndi yaing'ono si nkhani ya masamu. Sonkhanitsani mafunso enieni makumi asanu, kuphatikizapo ovuta ndi a anthu okwiya, muwapatse mamodelo onse awiri ndi malangizo omwewo, munthu wodziwa ntchito yanu awerenge mayankho asakudziwa kuti lachokera kuti. Pa mafunso a tsiku ndi tsiku modelo yaing'ono nthawi zambiri imakwanira. Imafooka msanga pa zilankhulo zosakhala Chingerezi ndi pa malangizo okhala ndi malamulo ambiri odalirana. Ndipo modelo imene sinamve funso imatalikitsa macheza, kasitomala n'kumabwereza katatu, kenako n'kufuna munthu. Muyeso woona ndi ndalama pa nkhani imene yathetsedwa, osati pa uthenga.

Zonsezi ndi zoyerekeza mpaka mutayeza. Yankho lililonse la API limabwera ndi gawo la `usage` losonyeza matokeni enieni amene alipiritsidwa, `input_tokens` ndi `output_tokens`, kapena `prompt_tokens` ndi `completion_tokens` kutengera kampani ndi njira imene mukugwiritsa ntchito. Uzani wokulemberani pulogalamu kuti azisunga manambala amenewa pa ulendo uliwonse, pamodzi ndi chizindikiro cha macheza ndi nambala ya uthenga m'machezawo. Kenako tsegulirani chatiboti makasitomala ochepa kwa sabata yathunthu, kuti masiku otanganidwa ndi opanda anthu onse alowemo. Pa uthenga woyamba wa macheza muyenera kuona zolowa pafupifupi 1,540. Mukaona 3,000, ndiye kuti pali chimene chikumatidwa chimene simukuchidziwa, ndipo kawirikawiri zimakhala zida kapena malangizo owonjezera a pulogalamu imene mwamangirapo chatiboti chanu. Pa uthenga wachisanu ndi chimodzi muyenera kuona pafupifupi 2,740. Zolowa zonse zikhale pafupifupi kakhumi ndi kamodzi kuposa zotuluka. Zikapitirira kwambiri pamenepo, yang'anani mbiri ndi zikalata. Zikachepa kwambiri, mayankho atalika kapena modelo ikuganiza mobisa.

Pa pepala la bajeti ndikanalemba manambala atatu: madola 300 ngati kusunga malangizo kwatsimikizika kuti kukugwira, 510 ngati palibe chakonzedwa, ndi 800 ngati makasitomala akulemba m'chilankhulo chodya matokeni ambiri kapena mwawonjezera zikalata ndi kufufuza. Pamwamba pa imene mwasankha onjezani gawo limodzi mwa magawo anayi, chifukwa anthu amalemba mochuluka akaona kuti akuyankhidwa nthawi yomweyo ngakhale usiku, ndiponso mauthenga amene antchito anu adzatumize poyesa amalipiridwa ngati ena onse. Manambalawa ndi a modelo yokha. Seva, malipiro a njira imene mauthenga akudzera, msonkho ndi kusintha ndalama kupita ku madola zili pa mizere ina.

Musanatsegule, ikani malire a ndalama za mwezi pa akaunti yanu ndi chenjezo lofika pa imelo mukadya theka. Ikaninso malire a mauthenga amene munthu mmodzi angatumize pa ola, chifukwa pulogalamu ina yoyankha yokha ikakumana ndi chatiboti chanu, ziwirizo zikhoza kuyankhana usiku wonse, mbiri ikukulirakulira. Sankhiranitu chimene kasitomala adzaone malire a mwezi akakwana. API ikayamba kukana, chatiboti chimangoti zii, choncho pulogalamu yanu ikhale ndi uthenga wolembedwa kale womuuza kumene angapeze munthu womuthandiza.